Makala Atha, Sopo Watha: Tingakumbutsane Bwanji za Kusonkha pa Nyumba ya Lendi?

Ku Chikanda ku Zomba, ku Zingwangwa ku Blantyre, ku Area 25 ku Lilongwe ndi ku Luwinga ku Mzuzu kuli nyumba zambiri zimene mumakhala anthu atatu kapena anayi amene si a banja limodzi. Ena ndi ophunzira, ena angoyamba kumene ntchito. Lendi siiwavuta kwenikweni, chifukwa ili ndi tsiku lake ndiponso ili ndi mwini wake woilondola. Zimene zimawadanitsa ndi makala, mayunitsi a magetsi, sopo ndi mchere, zinthu zimene aliyense amagwiritsa ntchito koma palibe amene anapatsidwa udindo wozilondola. Munthu amadzuka m'mamawa kuti asonkhe moto, akukutumula thumba n'kupeza mwatsala fumbi lokhalokha, ndipo mtima umayamba kuwerenga kuti anagula ndani mwezi watha. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu okhala motere amafunsa kawirikawiri.

N'chifukwa chiyani kukumbutsa mnzako za ndalama ya makala kumalemera pakamwa chonchi?

Kumalemera chifukwa nthawi zambiri timakumbutsa chinthu chimene sitinapangane. Pa nyumba pamene sipanakhale pangano la ndalama yake ndi tsiku lake, mawu akuti "sunasonkhe" amamveka ngati mlandu, ndipo wouzidwayo amayamba kudziteteza: "Ine si ndinagula machesi ndi mchere sabata yatha?" Aliyense amakumbukira bwino zimene iye anagula, koma zimene anagula mnzake saziona, chifukwa sopo akapezeka pa sinki palibe amene amafunsa kuti wachokera kuti. Chachiwiri n'chakuti tinaleredwa kuti za m'khitchini siziwerengedwa. Kumudzi mnansi amadzapala moto, amadzapempha mchere, ndipo wowerenga zoterezi amatchedwa womana. Koma kumudzi nkhuni zimakatoledwa, pamene m'tauni moto uliwonse ndi ndalama yotuluka m'thumba la munthu. Chachitatu ndi nthawi. Ambiri timakumbutsa zinthu zitatha kale, tili ndi njala komanso tachedwa ku ntchito, ndiye mawu amatuluka ndi mkwiyo. Mukachotsa zitatuzi, poika pangano, polemba zogulidwa, ndi pokumbutsa thumba lisanathe, kukumbutsa kumasanduka nkhani wamba ngati kuuzana kuti madzi abwera pa mpopi.

Kodi ndi zinthu ziti zoyenera kusonkherana, nanga ndi ziti zimene aliyense azigula yekha?

Muyeso wake ndi uwu: sonkheranani zokhazo zimene aliyense amagwiritsa ntchito ndipo n'zovuta kuzigawa. Magetsi a mita imodzi ndi madzi a mpopi umodzi sizigawika. Makala kapena gasi zimalowa m'gulu lomweli ngati mumaphikira pa mbaula imodzi. Onjezanipo sopo wotsukira mbale, sitiliwulo, mankhwala otsukira m'chimbudzi, tsache, chokolopera, machesi, mchere ndi mababu a pabalaza, m'khitchini ndi pakhonde. Sopo wosambira, mafuta odzola, mankhwala otsukira mano ndi sopo wochapira zovala aliyense azigula wake, chifukwa kagwiritsidwe kake kamasiyana kwambiri. Wina amachapa kawiri pa sabata pamene wina amakachapira kwa makolo ake.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuika zonse m'thumba limodzi ndiye umodzi weniweni. Zoona zake n'zakuti mndandanda ukatalika, mikangano imachuluka. Shuga, mafuta ophikira ndi ndiwo ndi zimene zimayambitsa kulondana maso, chifukwa wina amathira masipuni atatu mu tiyi, wina samwa n'komwe. Ngati simudyera mphika umodzi tsiku lililonse, zisiyeni kunja. Yambani ndi mndandanda waufupi umene aliyense angaunene pamtima, ndipo muzionjezera chinthu pokhapokha nonse mwavomera.

Ndalama yoti aliyense azisonkha tiipeza bwanji?

Musaiganizire m'mutu. Kwa mwezi umodzi lembani chilichonse chimene chagulidwa, tsiku lake ndi mtengo wake, m'kope limodzi lokhala poonekera m'khitchini. Thumba la makala likafika lembani tsiku limene mwalimasula ndi tsiku limene latha. Mwezi ukatha muli ndi nambala yeniyeni, osati ya m'maganizo.

Tiyerekeze nyumba ina ku Zingwangwa mmene mukukhala anthu anayi: mphunzitsi, namwino, wophunzira wa ku koleji ndi mnyamata wogulitsa zovala za kaunjika mu Limbe. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya kwanuko. Atalemba mwezi wathunthu apeza kuti makala atenga K35,000, mayunitsi K22,000, madzi K13,000. Zitatuzi pamodzi ndi K70,000. Sopo wa mbale, sitiliwulo ndi mankhwala a m'chimbudzi zatenga K9,000, ndipo machesi, mchere, tsache ndi babu imodzi K5,000. Zonse zakwana K84,000. Pamwamba pake aikapo K8,000 yapadera, ndiye thumba la nyumba lakwana K92,000. Akagawana anayi, aliyense ndi K23,000 pa mwezi.

Ndalama yapaderayo isasiyidwe. Mitengo ya makala imakonda kukwera nthawi ya dzinja pamene misewu yavuta, mpopi umatha kuyamba kudontha, ndipo mitengo ya magetsi ndi gasi imasintha bungwe la MERA likalengeza. Ambiri tikukumbukira Novembala 2023, pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mitengo ya sopo ndi zina za m'magolosale n'kusintha m'masiku ochepa. Popanda ndalama yapadera, kusintha kulikonse kumafuna kuti muyendenso khomo ndi khomo kupempha zoonjezera, ndipo kupempha kachiwiri m'mwezi umodzi n'kumene kumatopetsa anthu. Ikatsala, ipitirire ku mwezi wotsatira. Pakatha miyezi itatu khalaninso pansi muone ngati K23,000 ija ikukwanabe.

Kodi si bwino kungosinthana, uyu agule mwezi uno, wina mwezi wamawa?

Njirayi imaoneka yophweka, ndipo kwa anthu awiri olandira ndalama nthawi imodzi imatha kuyenda. Kwa anthu atatu kapena anayi imakhala ndi mabowo. Loyamba n'lakuti zinthu sizitha tsiku limodzi, ndiye palibe amene amadziwa bwino kuti mwezi wa uyu wathera pati. Lachiwiri n'lakuti mitengo sifanana: amene yamugwera nthawi ya mvula amalipira zambiri kuposa wa m'chilimwe. Lachitatu n'lakuti nthawi ya munthu ikafika iye alibe ndalama, amagula makala a m'majumbo ang'onoang'ono, ophikira tsiku limodzi, amene ukawaphatikiza mwezi wonse amadula kuposa thumba lathunthu, ndipo tsiku limene wachedwa kubwera nyumba yonse imagona osaphika. Komanso wina akasamuka nthawi yake isanafike, wadya za anzake miyezi itatu osabweza kanthu. Kusonkha ndalama yofanana mwezi ndi mwezi kumatseka mabowo onsewa. Chimene mungasinthane ndi ntchito yopita kukagula, osati mtolo wa ndalama.

Nthawi yabwino yokumbutsa ndi iti?

Ndi pamene ndalama zili m'manja mwa anthu ndipo makala akadalipo. Sankhani tsiku limodzi lodziwika, lokhala patangopita masiku awiri kapena atatu kuchokera pamene ambiri mwa inu mumalandira. Ngati ambiri amalandira kumapeto kwa mwezi, tsiku la 2 kapena 3 la mwezi watsopano ndi labwino. Mukafika pa 15, malipiro apita kale ku lendi, ku ngongole ndi kumudzi. Wochita geni, monga wa kaunjika uja, salandira pamwezi, ndiye m'loleni azipereka pang'onopang'ono Loweruka lililonse, K5,750 kanayi. Kumuumiriza kuti apeze K23,000 tsiku limodzi ndi kumukonzera kulephera.

Chikumbutso chikhale cha masitepe atatu. Masiku atatu tsikulo lisanafike, uthenga umodzi upite kwa onse, ngakhale kwa amene salephera, kuti pasakhale woloza chala. Pa tsiku lenilenilo, wosunga kope alembe amene apereka ndipo anene ndalama imene yasonkhedwa. Pakapita masiku awiri, amene watsala alankhulidwe payekha. Pa katundu penipenipo ikaninso chizindikiro: jambulani mzere ndi khala kunja kwa thumba pamene patsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo gwirizanani nambala ya mayunitsi, mwachitsanzo 15, imene mita ikafikapo woyamba kuona auze anzake. Pewani kukumbutsa munthu akungolowa kuchokera ku ntchito, ali ndi alendo, kapena nsima ili pa tebulo.

Ndinene mawu otani kuti ndisaoneke ngati ndikulonjerera ngongole?

Mawu abwino amakhala ndi zinthu zinayi: chimene chikufunika, ndalama yake, tsiku lake ndi kumene iperekedwe. Uthenga wa kwa onse ungakhale wotere: "Anzanga, Lachitatu pa 3 ndi tsiku la thumba la nyumba, K23,000 aliyense. Makala afika pa mzere, mayunitsi atsala 18. Mwezi uno kope lili ndi ine." Palibe dzina la munthu, palibe mbiri ya mwezi watha.

Kwa mnzanu wa msinkhu wanu amene wachedwa, m'pezeni payekha: "Aise, ya thumba ija yatsala yako yokha. Ndikufuna ndikatenge makala Loweruka m'mawa. Upereka liti?" Funso lakuti "liti" ndi lofunika, chifukwa limafuna tsiku. Mukafunsa kuti "uli nayo?" yankho lake ndi "ayi" basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Akati "ndiona," bwezani modekha: "Chabwino, ndilembe Lachisanu kapena Loweruka?" Akatchula yekha tsiku, lembani iye akuona.

Kwa wamkulu kwa inu, ulemu utsogole koma nambala isabisike: "Achimwene, pepani ndikusokonezeni pang'ono. Ndimalemba za thumba la nyumba, ndiye mbali yanu ya K23,000 sindinailembe. Ndidikire mpaka liti kuti ndikagule gasi?" Kwa achemwali n'chimodzimodzi. Ambiri amaganiza kuti kulankhula mozungulira ndiye ulemu, monga kudandaula mokweza uli wekha m'khitchini kuti "koma sopo m'nyumba muno amatha ngati akudyedwa." Mawu okuluwika otere amapweteka kuposa kunena mwachindunji. Wolakwayo amatha kunamizira kuti sanamve, ndipo amene amamva kuwawa ndi wosalakwa uja amene anapereka kale. Pewaninso mawu akuti "nthawi zonse iwe" ndi "sunayambe waperekapo." Mawu amenewa amasamutsa nkhani kuchoka pa K23,000 kupita pa khalidwe la munthu, ndipo za khalidwe palibe amene amavomera msanga.

Ndalama zizisungidwa ndi ndani, ndipo tingapewe bwanji kukayikirana?

Wosunga akhale mmodzi pa nthawi imodzi, koma udindowo uzizungulira, mwezi uno uyu, mwezi wamawa wina. Ubwino wake ndi wakuti aliyense amalawa kuwawa kwa kukumbutsa, ndipo amene analondolapo anzake sachedwanso kupereka. Zimathandizanso kuti munthu mmodzi asasanduke wapolisi wa pa nyumba. Ndalama zikasonkhedwa zisagone. Zazikulu zigulidwe mkati mwa masiku awiri, chifukwa ndalama yokhala m'thumba la munthu imabwerekedwa "pang'ono" pa minibasi ndi pa ndiwo mpaka kutha.

Kutumizirana pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuli ndi ubwino wakuti uthenga wotsimikizira umasonyeza ndalama, tsiku ndi nthawi. Koma potumiza ndi potapa kwa ejenti pamakhala ndalama yodulidwa, ndiye gwirizanani kuti wotumiza aziikapo ya pamwamba kuti wosunga alandire yathunthu. Mayunitsi a ESCOM agulidwe pa foni pomwepo osatapa ndalama, ndipo uthenga wa tokeni ya manambala 20 ija uonetsedwe kwa onse, chifukwa umasonyeza ndalama imene yalipiridwa ndi mayunitsi amene apezeka. Wa makala pa njinga sapereka lisiti, choncho wogula alembe m'kope tsiku lomwelo, ndipo ngati n'kotheka apite awiri. Kope likhale ndi mizere inayi yokha: tsiku, zalowa, zatuluka, zatsala. Likakhala poti aliyense angalitsegule, funso lakuti "ndalama zathu zapita kuti?" limayankhidwa ndi pepala, osati ndi mawu okweza.

Wina akuti saphika kawirikawiri, kapena anachokapo milungu iwiri. Azipereka mofanana ndi ena?

Dandauloli ndi lomveka ndipo lisakanidwe, koma liyankhidwe ndi masamu amene munagwirizana kale. Gawani mndandanda pawiri. Pali zimene zimatha chifukwa munthu alipo, monga makala, magetsi ndi madzi. Pali zimene nyumba imafuna kaya munthu alipo kaya palibe, monga tsache, babu, zotsukira ndi ndalama yapadera ija. Gawo lachiwirili aliyense amapereka mofanana nthawi zonse.

Tibwerere ku Zingwangwa kuja. Wophunzira wapita kwawo ku tchuthi milungu iwiri. Gawo losasintha ndi K22,000, ndiye aliyense K5,500. Gawo la makala, magetsi ndi madzi ndi K70,000. Atatu akhalapo milungu inayi aliyense, wophunzira milungu iwiri, pamodzi milungu 14. K70,000 kuigawa ndi 14 ndi K5,000 pa mlungu. Wophunzira apereka K10,000 kuphatikiza K5,500, yonse K15,500. Ena atatu apereka K20,000 kuphatikiza K5,500, aliyense K25,500. Mukaphatikiza zonse mupeza K92,000 yomwe ija. Onani kuti otsalawo akwera pang'ono, chifukwa mbaula yophikira atatu imadya makala pafupifupi ofanana ndi yophikira anayi. N'chifukwa chake kuchotsera kumeneku kuzichitika pokhapokha munthu wachoka mlungu wathunthu kapena kuposerapo, ndipo ananeneratu. Kugona kunja masiku awiri sikuwerengedwa, apo ayi kope lidzadzaza ndi timasamu tosatha.

Namwino wogwira usiku amene amati saphika, mufunseni modekha ngati samatenthetsa madzi osamba, samasita yunifolomu, samadya zimene ena aphika. Ngati zoonadi sakhudza mbaula, m'chotseni pa makala okha, koma akhalebe pa magetsi, madzi ndi zotsukira.

Mayunitsi ndi makala zikutha msanga kuposa kale. Tidziwa bwanji chimene chikudya tisanayambe kulozana zala?

Pa magetsi, yunitsi imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimadya pa ola limodzi. Mawati amalembedwa pansi kapena kumbuyo kwa chipangizo. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu ola limodzi imadya yunitsi imodzi ndi theka, ndiye kuphikira nyemba maola atatu kungatenge mayunitsi okwana anayi ndi theka. Ketulo ya mawati 2,000 imadya yunitsi imodzi pa theka la ola, ndipo wotenthetsera madzi osamba m'ketulo tsiku ndi tsiku amadya zambiri osadziwa. Pamene foni, imene ambiri amaiimba mlandu, ngakhale muitchaje tsiku lililonse mwezi wonse siimaliza yunitsi imodzi. Babu ya LED ya mawati 9 yoyaka maola asanu usiku uliwonse imadya yunitsi imodzi ndi pang'ono pa mwezi. Choncho wodya mayunitsi ndi chilichonse chimene chimatentha: hotipuleti, ketulo, nsimbi, giza ndi chotenthetsera m'chipinda m'miyezi ya Juni ndi Julaye. Kuti mutsimikize, werengani mita, yatsani chipangizo chimodzi kwa theka la ola zina zazikulu zili zozima, kenaka werenganinso. Mukapeza kuti ndi nsimbi ya amene amasitira anthu zovala pa ganyu, iye aonjezere ndalama molingana ndi zimene mita yasonyeza.

Makala akatha msanga, si nthawi zonse pamene pali wakuba. Matumba ena amakhala ndi makala akuluakulu pamwamba koma pansi pali fumbi ndi zinyenyeswa. Makala a mitengo yofewa amapepuka m'manja ndipo amanyeka msanga. Mbaula yachitsulo chokhachokha imataya moto m'mbali kuposa ya dothi mkati, ndipo kuphikira pamphepo, osavundikira mphika, kapena kusiya makala akunyeka mutamaliza kuphika kumawononga ambiri. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Yang'anani zimenezi kaye, pogwiritsa ntchito masiku amene munalemba m'kope.

Gasi samuyeza pomugwedeza. Pa silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, kawirikawiri pafupi ndi zilembo TW. Ikani silinda pa sikelo, chotsani nambala imeneyo, ndipo chotsalacho ndi makilogalamu a gasi amene muli nawo. Ngati akutha msanga, pakani thovu la sopo pa leguleta ndi pa paipi. Pakatuluka timathovu totukumuka, ndiye kuti akudontha. Tsekani, tsegulani mawindo, musayatse moto, ndipo mukonze musanaphikenso.

Nanga mlendo wa mnzathu amene wakhala mpaka kusanduka wa pa nyumba?

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo mlendo wa masiku awiri kapena atatu sawerengeredwa madzi osamba. Aliyense wa inu tsiku lina adzalandira mayi ake kapena mng'ono wake wobwera ku chipatala kapena kudzafunsira ntchito. Koma mame amakamuka dzuwa likatuluka. Chibwenzi chimene chimagona masiku asanu pa sabata, kapena msuweni amene wakhala mwezi akufuna ntchito, akudya nawo moto, madzi ndi magetsi ngati wina aliyense. Ikani malire pasadakhale, nkhaniyo isanakhale ya munthu wodziwika: mlendo akapitirira mlungu umodzi, womulandira aonjezere. M'chitsanzo chathu munthu mmodzi amadya K17,500 pa mwezi ya makala, magetsi ndi madzi, imene ndi K4,375 pa mlungu. Nkhaniyi ikambidwe ndi mwini mlendo payekha. Mlendoyo asamve n'komwe, chifukwa iye sanapangane nanu kanthu.

Ndingasiyanitse bwanji amene alibedi ndalama ndi amene akungotidyera masuku pamutu?

Musayang'ane zimene wavala kapena foni imene ali nayo, yang'anani mmene akuchitira ndi ngongoleyo. Amene wasowadi nthawi zambiri amayamba yekha kunena, amapereka kangachepe kamene ali nako, amatchula tsiku, ndipo amachepetsa kagwiritsidwe kake ka zinthu. Wozemba amakwiya akafunsidwa, tsiku lake limasuntha sabata ndi sabata, amasowa pa nyumba masiku osonkha, koma mbaula amaikoleza monga mwa masiku onse. Mwezi umodzi sukwanira kuweruza munthu. Miyezi itatu ya m'kope imanena zoona.

Wosowadi athandizidwe mwadongosolo. Malipiro akachedwa kapena geni ikagwa, ndalama yapadera ija itseke mbali yake mwezi umenewo, ndipo ngongoleyo ilembedwe ndi tsiku lobweza. Ngati wabwera ndi ufa, nyemba kapena mtedza kuchokera kumudzi ndipo nonse mudya nawo, ziwerengedwe pa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo n'kuchotsedwa pa ngongole yake. Ena amalola kuti alipire ndi ntchito, monga kukatenga makala kapena kutunga madzi mpopi ukauma. Izi zimayenda pokhapokha iye wavomera ndi mtima wonse ndipo zili ndi malire, kuti asasanduke wantchito wa anzake. Chimene simuyenera kuchita ndi kumulipirira mwakachetechete mwezi ndi mwezi muli kudandaula mumtima. Iye adzaganiza kuti zili bwino, inu mudzaphulika tsiku lina pa nkhani ya kachidutswa ka sopo.

Takumbutsa, talemba, koma mmodzi sakuperekabe. Tizimubisira makala ndi sopo?

Kubisa mwakachetechete kumabweretsa nkhondo ya maloko, ndipo mapeto ake aliyense amagona ndi thumba la makala m'chipinda. Tsatani masitepe poyera. Kukambirana kwa awiri kukalephera, khalani pansi nonse kope lili pa tebulo, munene ndalama yonse imene yatsala, ndipo mumupatse mpata wonena mbali yake. Mugwirizane tsiku lomaliza. Likadutsa, muuzeni maso ndi maso kuti kuyambira tsiku lakuti watuluka m'thumba la makala ndi sopo, azigula zake, koma mbali yake ya magetsi ndi madzi ikhalapobe chifukwa sizigawika. Kumeneku si kubisa, ndi kusintha pangano iye akudziwa.

Zikakanikabe, itanani munthu amene nonse mumamulemekeza, kaya ndi wachibale wamkulu, kaya ndi amene anakupezerani nyumbayo. A landilodi alowe pa nkhani ya bilu ya madzi ndi magetsi yokha, chifukwa ngongole ya madzi ikakula mpopi umadulidwa ndipo imakhudza nyumba yawo. Za sopo si zawo. Musamulande foni, nsapato kapena katundu wina ngati chikole, musamutsekere kunja, ndipo musamuyalutse pa gulu la WhatsApp la kuntchito kapena kutchalitchi. Zoterezi zimasandutsa inu olakwa, ndipo zina mwa izo zingakufikitseni ku polisi. Ngati palibe kusintha, m'patseni nthawi yokwanira, monga mwezi wathunthu, kuti apeze kwina, mogwirizana ndi eni nyumba. Nthawi zina kutaya K23,000 n'kusiyana mwamtendere kumaposa kuilondola chaka chonse.

Wina akamasamuka kapena watsopano akamalowa, tichite chiyani kuti nkhaniyi isayambirenso?

Wosamuka atseke kope asananyamule katundu. Werengani mayunitsi otsala, onani makala otsala, ndipo musaiwale madzi. Ngati mita yanu ya madzi ndi yolipira mutagwiritsa kale ntchito, bilu ya mwezi wake womaliza idzabwera iye atapita, ndiye asiye ndalama yofanana ndi mbali yake ya mwezi wapitawo. Zinthu zokhalitsa zimene munagula pamodzi, monga silinda ya gasi, mbaula ndi ndowa, zikhale ndi tsamba lake m'kope losonyeza amene anasonkha ndi ndalama zake, kuti otsala amubwezere gawo lake pa mtengo umene mwagwirizana.

Watsopano aone kope asanalipire lendi yoyamba. Muuzeni ndalama yake, tsiku lake, za alendo ndi za kuchokapo, ndipo apereke mbali yake tsiku limene walowa. Munthu amene wauzidwa zonsezi ali pakhomo, chikwama chili m'manja, sadzamva ngati akuimbidwa mlandu uthenga wa pa 3 ukadzafika, chifukwa adzakhala akukumbutsidwa chinthu chimene anavomera yekha.